Momwe Mungamangire Kukhulupirirana M'gulu Logwira Ntchito Limodzi Anthu Ali M'mayiko Osiyana

Kuno ku Mangochi n'kovuta kupeza mudzi wopanda mwana ku Joni, ndipo masiku ano ena ali ku Dar es Salaam, ena ku Nampula, ena ku Mangalande. Anthu otere amasonkha ndalama, kutsegula gulu pa WhatsApp ndi kuyamba bizinesi kapena ntchito ya chitukuko cha kumudzi, koma pakangopita miyezi ingapo mumamva kuti wina watuluka m'gulu, wina sakuyankha foni, ndipo abale aleka kupatsana moni. Pa magulu amene ndaona akupasuka, ochepa okha ndi amene anapasuka chifukwa choti wina anabadi ndalama. Ambiri anapasuka chifukwa choti munthu woona mtima anakhala chete masiku angapo, ndipo anzake amene sankamuona anadzaza chete ameneyo ndi maganizo awoawo.

Malangizo awa ndawatenga m'gulu lathu la anthu asanu. Awiri tili pa Boma pomwe timagulitsa nyali, mabatire ndi masola kwa asodzi, achimwene ena amagula katundu ku Johannesburg, mnzathu wina amagula ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, ndipo achemwali amene anaika mpamba waukulu amakhala ku Leeds ku Mangalande ndipo ndiwo amasunga mabuku. Chiyambireni sitinakhalepo pa mphasa imodzi tonse asanu.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

Mufunika gulu limodzi la WhatsApp la ntchito yokha, losiyana ndi gulu la moni, mauthenga a maliro ndi zoseketsa. Mufunikanso buku limodzi la ndalama limene aliyense angathe kulitsegula nthawi iliyonse. Ife timagwiritsa ntchito Google Sheets, koma kope wamba lojambulidwa ndi foni Loweruka lililonse lingagwirenso ntchito. Aliyense apereke nambala yachiwiri, ya mkazi wake, mwamuna wake kapena mnansi, yoti muimbe foni yake ikazima. Amene ali kuno kumudzi akhale ndi pawabanki kapena sola yotchajira foni, ndipo ndalama ya bandulo yawo ichoke m'thumba la gulu, chifukwa si chilungamo kudzudzula munthu kuti sayankha pamene mayunitsi akugula yekha. Chotsiriza, aliyense atsegule WhatsApp, alowe pa Settings, kenako Account, n'kuyatsa Two-step verification, kuti akuba asalande nambala yake ndi kuyamba kupempha ndalama m'dzina lake.

1. Lembani nthawi ya aliyense pamalo amodzi

Malawi, South Africa, Mozambique ndi Zambia amayendera nthawi imodzi. Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Mangalande ndiye amasokoneza, chifukwa amasintha mawotchi kawiri pa chaka: kuyambira Lamlungu lomaliza la Marichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala amakhala m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi, ndipo miyezi yotsalayo amakhala m'mbuyo ndi maola awiri. Msonkhano wa 7 koloko madzulo ku Mangochi ndi 8 koloko ku Dar es Salaam, 6 koloko ku Leeds mu Julayi, koma 5 koloko mu Disembala, pamene munthu wa kumeneko angakhale asanaweruke. Gwirizanani kuti nthawi iliyonse yolembedwa m'gulu ndi nthawi ya ku Malawi, ndipo aliyense aziwerengera yekha ya kwawo.

Chenjezo kwa amene muli ndi mnzanu wozolowera Chiswahili: iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, kotero “saa tatu” m'mawa ndi 9 koloko, osati 3 koloko. Lembani nthawi m'manambala, musangoitchula pakamwa.

Kenako aliyense anene nthawi zimene sapezeka, ndipo muzilembe mu uthenga umodzi womwe muukhomere pamwamba pa gulu ndi Pin. Kwa ife a ku Mangochi ambiri, Lachisanu masana ndi nthawi ya ku mzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadani nthawi yolowa dzuwa ndi yomasula, si yoimbirana foni. Wina amapemphera Loweruka, wina amagwira ntchito usiku ndipo amagona masana. Onjezani masiku a tchuthi a dziko lililonse, monga 6 Julayi kuno, 27 Epulo ku South Africa ndi 9 Disembala ku Tanzania. Munthu amene akudziwa kuti mnzake ali pa swala sakhala n'kumayang'ana foni ndi mtima wowawa.

2. Gwirizanani kuti chete atanthauza chiyani

Timizere tiwiri ta buluu tawononga maubwenzi ambiri. Munthu amaona kuti uthenga wake wawerengedwa, yankho osabwera, ndipo amayamba kuganiza kuti akunyozedwa, pamene mnzakeyo anauwerenga ali pa kabaza kapena akutumikira kasitomala. Ikani malire omveka. Ife tinagwirizana kuti uthenga wa ntchito uyankhidwe pasanathe maola 24, ndipo nkhani ya changu isalembedwe koma iimbidwe. Yankho silifunika kukhala lathunthu. Kulemba kuti “Ndauona, ndiyankha Lachitatu ndikachokera ku banki” n'kokwanira, chifukwa kwachotsa kale chikayiko.

Gwirizananinso chochita malire akadutsa. Maola 24 akatha, wofunsayo aimbe foni mwachindunji. Foni ikapanda kulowa, aimbe nambala yachiwiri ija. Palibe amene aloledwa kulemba m'gulu mawu okayikira mnzake asanachite ziwirizi. Amene ali kunja ayenera kumvetsa kuti kuno magetsi akhoza kuzima tsiku lathunthu, ndipo munthu amene wapita kukapereka katundu ku Makanjira kapena ku madooko ena a m'mbali mwa nyanja akhoza kusowa netiweki maola ambiri. Nafenso a kuno tili ndi udindo wathu: ukadziwa kuti ukupita kumalo otere, unene usananyamuke, ndipo unene tsiku lobwerera.

3. Lonjezo lililonse likhale ndi mwini, chinthu ndi tsiku

Sitepe iyi ndi imene ndimaiona kuti ndi msana wa zonse. Anthu okhala pamodzi amakhulupirirana chifukwa amaonana: umamuona mnzako akutsegula sitolo m'mamawa, umamuona atatopa madzulo. Munthu amene ali kutali saona chilichonse mwa izi. Chimene amaona ndi chimodzi chokha, ngati zimene unanena kuti uchita zachitikadi pa tsiku limene unanena. Choncho mawu onse osamveka achotsedwe m'gulu la ntchito. “Ndiona”, “posachedwapa”, “zili m'njira” ndi “tikonza” si malonjezo, chifukwa palibe tsiku limene munthu anganene kuti akwaniritsidwa kapena alephereka.

Lembani chonchi: “Ine ndipita kwa tilansipota Lachinayi pa 9, ndipo pofika 4 koloko madzulo nditumiza chithunzi cha risiti ndi cha makatoni.” Lachinayi likafika, tumizani zithunzizo poyankha uthenga womwewo, kuti lonjezo ndi kukwaniritsa kwake zionekere pamodzi. Ambiri amalephera apa. Amachitadi ntchitoyo koma osabwerera kudzanena, poganiza kuti kunena n'kudzitama. Kwa munthu amene ali ku Leeds, ntchito imene sinanenedwe ndi ntchito imene sinachitike.

Pali vuto lina limene limachokera mu ulemu wathu womwe. Wamng'ono savomera kunena “ayi” kwa wamkulu, ndiye akafunsidwa ngati angathe kumaliza Lolemba amangoti “chabwino”, ngakhale akudziwa kuti sizitheka. Pamaso m'pamaso wamkuluyo akanaona nkhope kugwa ndi maso kuyang'ana pansi, koma pa uthenga “chabwino” amaoneka ngati “chabwino” weniweni. Ngati ndinu wamkulu kapena mwini mpamba, musafunse kuti “Mumaliza Lolemba?” Funsani kuti “Mukuona kuti mungamalize tsiku liti, ndipo chingakuchedwetseni n'chiyani?” Tsiku limene munthu watchula yekha amalisunga kuposa limene wapatsidwa.

Munthu watsopano m'gulu muyambe naye ndi zazing'ono. Mupatseni ntchito ya sabata imodzi ndi ndalama imene gulu lingapirire itatayika. Akatseka malonjezo atatu kapena anayi pa nthawi yake, onjezani. Kumusenzetsa ndalama ya katundu yense tsiku loyamba chifukwa choti ndi mwana wa amalume si kumukhulupirira, koma kumuika pa mayeso amene ngakhale inu simukudziwa ngati angawathe.

4. Ndalama ziyende poyera

Ndalama iliyonse yodutsa malire ilembedwe ndi zinthu zisanu: tsiku, ndalama imene yatumizidwa, mtengo wosinthira tsiku limenelo, ndalama yodula ya otumiza, ndi ndalama imene yafika m'manja. Wotumiza aike chithunzi cha risiti, kaya watumiza pa Mukuru kapena pa banki, ndipo wolandira aike chithunzi cha uthenga wa Airtel Money, Mpamba kapena banki tsiku lomwelo.

Mtengo wosinthira ndiwo umabala mikangano yambiri. Tiyerekeze kuti gulu linawerengera randi imodzi pa K100, koma tsiku lotumiza inali pa K95. Pa R10,000 kusiyana kwake ndi K50,000, ndipo ngati palibe amene analemba mtengo wa tsikulo, K50,000 imeneyo imaoneka ngati yalowa m'thumba la munthu. Amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, akukumbukira momwe mawerengero a sabata imodzi anasandukira opanda ntchito sabata yotsatira. Lembaninso ndalama zing'onozing'ono zimene zilibe risiti, monga ya kabaza, ya onyamula makatoni ndi ya chakudya cha pa ulendo, ndipo gwirizanani malire ake pasadakhale.

Wogwira ndalama asakhale yemweyo wolemba buku. Ena amakhumudwa ndi lamulo limeneli poganiza kuti akutengedwa ngati mbala, koma ine ndimaliona ngati chishango cha munthu woona mtima, pakuti tsiku limene mphekesera zidzayambe, buku lolembedwa ndi wina ndilo lidzamuyeretse. Ndipo uthenga uliwonse wonena kuti “nambala yasintha, tumizani ndalama pa iyi” usatsatidwe mpaka mutamva mawu a mwini wake pa foni.

5. Nkhani yoipa inenedwe tsiku lomwelo

Pano ndifotokoza zimene zinatichitikira, chifukwa zinatsala pang'ono kutipasula. Asodzi a usipa amapha ndi nyali usiku, ndipo nyali zimagwira bwino ntchito mwezi ukakhala kumdima. Mwezi ukawala, ambiri amapuma n'kumasoka maukonde. Choncho nyali zimagulidwa kwambiri mdima ukamayandikira. Achimwene a ku Joni anagula nyali 40 ndi kuzipereka kwa tilansipota, n'kulonjeza kuti zifika pa 12, mdima usanayambe. Ife kuno tinalandira ndalama za chikole kwa eni zilimila angapo podalira tsiku limenelo.

Galimoto inanyamuka bwinobwino, inadutsa Beitbridge, koma inawonongeka isanafike ku Tete. Achimwenewo anamva nkhaniyi pa 9. Sananene kanthu, chifukwa tilansipota ankawauza tsiku lililonse kuti mawa inyamuka, ndipo iwo ankafuna kudzabwera ndi nkhani yabwino. Pa 12 panadutsa. Pa 13 m'mawa mkulu wina wa chilimila anabwera ku sitolo, anakhala pa benchi osapereka moni wautali monga amachitira, anatulutsa kapepala kathu ka chikole m'thumba la malaya, n'kukayala pa kauntala osanena mawu. Ndinalibe chomuyankha. Ndinalemba m'gulu, achimwene anawerenga koma sanayankhe. Pa 15 achemwali a ku Leeds anandiimbira ine ndekha n'kufunsa ngati nyalizo zinagulidwadi. Funso limeneli linali chizindikiro choti gulu layamba kugawikana, chifukwa anthu akayamba kuimbirana awiriawiri za munthu wachitatu, ndiye kuti m'gulu lalikulu atsala n'kungopatsana moni.

Nyali zinafika pa 21, zonse 40, zosasweka. Palibe tambala imene inasowa. Koma tinabweza chikole kwa asodzi awiri, ndipo panatenga miyezi kuti achemwali aja avomerenso kutumiza ndalama yaikulu ku Joni. Tikanadziwa pa 9, mnzathu wa ku Kariakoo akanatha kugula nyali zochepa n'kuzikweza basi yodzera ku Songwe, ndipo asodzi tikanawauza zoona nthawi ikadalipo. Kuwonongeka kwa galimoto silinali vuto la achimwene. Masiku asanu ndi limodzi a chete ndiwo anali awo.

Kuchokera pamenepo tinaika lamulo lakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Uthenga wa nkhani yoipa ukhale ndi mbali zinayi: chimene chachitika, chimene ukudziwa ndi chimene sunadziwe, chimene ukuchita, ndi nthawi imene udzanenenso. Mwachitsanzo: “Galimoto yawonongeka isanafike ku Tete. Katundu ali bwino malinga ndi dalaivala, koma sindinaone chithunzi. Ndamupempha atumize lero. Ndilembanso mawa 10 koloko, kaya pali chatsopano kapena ayi.” Mbali yomalizayi musaidumphe, ndipo mawa lake lembanidi, ngakhale mawu ake akhale oti palibe chasintha.

Chenjezo lalikulu lili kwa olandira uthengawo. Munthu akanena vuto msanga ndipo inu n'kumukalipira pa gulu, mwamuphunzitsa kuti ulendo wina adzabise. Yankho loyamba likhale lothokoza kuti wanena, lachiwiri likhale la chochita. Kufufuza amene analakwa kudikire mpaka vuto litatha. Ndipo mtsogoleri ayambe ndiye kuulula zolakwa zake. Tsiku limene ndinalemba m'gulu kuti ndinagulitsa mabatire awiri pa mtengo wakale chifukwa sindinawerenge uthenga wa mtengo watsopano, ndinachita manyazi, koma sabata yomweyo mnzathu wa ku Dar es Salaam anaululanso zake popanda womufunsa.

6. Dziwani zolemba ndi zoimba

Mitengo, masiku, manambala ndi zimene mwagwirizana zilembedwe. Kudzudzula, kupepesa ndi kusagwirizana kuimbidwe, ndipo kuimbidwe kwa munthuyo payekha. Uthenga wolemba ulibe mawu a pakhosi, kotero “Ndalama ija ili kuti?” likhoza kukhala funso wamba kapena mlandu, ndipo munthu wotopa amaliwerenga ngati mlandu. Mukaona kuti mwayankhana katatu pa nkhani imodzi ndipo mauthenga akunka natalika, siyani kulemba, imbani. Mukamaliza kulankhula, mmodzi alembe m'gulu mizere iwiri ya zimene mwagwirizana.

Uthenga wa mawu ndi wabwino kwa amene kulemba kumawavuta kapena amene amamasuka m'Chiyao, koma usapitirire mphindi ziwiri, ndipo nambala iliyonse yotchulidwamo ilembedwenso, chifukwa mawu ojambulidwa sungawafufuze pakatha mwezi.

Khalani ndi msonkhano wa pa foni kamodzi pa sabata, tsiku lokhazikika, wosapitirira mphindi 30. Zimitsani makamera ngati bandulo ndi yochepa, koma kamodzi pa mwezi onanani nkhope, ndipo wa ku sitolo azungulitse foni kuti anzake aone mashelefu ndi katundu amene ndalama zawo zinagula. Mphindi zoyambirira zikhale za moni weniweni, kufunsa za odwala, ana ndi mvula. Ena a kunja amaona ngati n'kutaya nthawi, koma munthu amene sanafunsidwe za mayi ake odwala savutika kuganiza kuti gulu limangomufuna pa ntchito. Wotsogolera aitane aliyense ndi dzina kuti alankhule, kuyambira wamng'ono, chifukwa akayamba mwini mpamba ena onse amangovomereza. Ngati nthawi ya msonkhano imapweteka munthu mmodzi sabata iliyonse, muzisinthasintha kuti mtolowo uzisenzedwa mosinthana.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chofala kwambiri m'gulu ngati lathu n'chakuti amene ali pamodzi amagamula nkhani pa khonde la sitolo, kenako n'kungodziwitsa anzawo. Ife awiri a pa Boma tinachitapo zimenezi pokweza mtengo wa masola, ndipo ngakhale mtengowo unali woyenera, atatu enawo anamva ngati alendo pa bizinesi yawo yomwe. Mukakambirana pamaso, lembani m'gulu ngati ganizo, perekani maola 24 aja, kenako gamulani.

China ndi kusandutsa kukhulupirirana kukhala ulonda. Kufuna kuti munthu azitumiza malo amene ali ola lililonse, kapena kumufunsa chifukwa chimene anaonekera pa intaneti usiku osayankha, kumamuuza kuti mwamuweruza kale. Yang'anani malonjezo ndi buku la ndalama, osati mayendedwe a munthu.

Palinso maganizo akuti amene ali kunja ali ndi ndalama zosatha, ndi maganizo a akunjawo akuti a kumudzi amangodya. Onse awiri amachepa aliyense akanena poyera zimene amawononga pa ntchito ya gulu, kuphatikizapo nthawi yake, ndipo gulu likagwirizana malipiro a amene amakhala m'sitolo tsiku lonse mosiyana ndi phindu la amene anaika mpamba.

Ena amatsegula timagulu ta mseri topanda munthu mmodzi. Tsiku lina wina adzatumiza uthenga m'gulu lolakwika, kapena chithunzi cha zokambiranazo chidzamufika mwini nkhani. Ngati pali dandaulo pa munthu, mmodzi amuimbire, ndipo zikakanika mupemphe munthu wamkulu amene onse awiri amamulemekeza kuti akhale pa foniyo ngati mkhalapakati.

Chomaliza ndi kusakambirana za kutuluka. Lembani pa chiyambi, mitima ikadali bwino, kuti wofuna kuchoka anene miyezi ingati pasadakhale, gawo lake liwerengedwa pa mtengo wa kwacha wa tsiku liti, katundu wosagulitsidwa ndi ngongole za asodzi zigawidwa bwanji, ndipo ndalama yake idzabwezedwa kamodzi kapena pang'onopang'ono. Aliyense ayankhe uthengawo ndi mawu akuti “ndavomera”, ndipo wosunga mabuku asunge chithunzi chake kunja kwa foni.